Mlandu umodzi, zilango zosiyana: mafunso ndi mayankho pa momwe khoti limapezera zaka za munthu

Funso lomwe anthu amandifunsa kwambiri tikamatuluka mu khoti ndi lomweli, loti zatheka bwanji uyu wapatsidwa zaka 3 pomwe wina uja mlandu wake womwewu anamupatsa 9. Ambiri amathamangira kunena kuti pamenepo padutsa ndalama. Sindinganene kuti zachinyengo kulibe padziko pano ayi, koma nthawi zambiri kusiyanako kumakhala ndi zifukwa zake ndipo zifukwazo zimalembedwa mu fayilo, vuto ndi loti abale ambiri sadziwa kuti khoti likuyang'ana chani nde amangomva nambala yomaliza ija basi. Ndatenga mlandu umodzi wothyola nyumba usiku kuti tiuyende bwinobwino poti ndi umodzi mwa milandu yomwe imadzadza makhoti a majisitireti kuno ku Malawi.

Kodi lamulo silinalembe kale chilango cha mlandu uliwonse? Nanga majisitireti amasankhanso chani?

Linalemba inde, koma chomwe linalemba pa milandu yambiri ndi denga, malire oti khoti lisapitirire, osati mtengo wokhazikika ngati wa shuga mu golosale. Mu buku la milandu ndi zilango, lija maloya amaliti Pinolo Kodi, kuba wamba kuli pa gawo 278 ndipo denga lake ndi zaka 5. Kuthyola nyumba yogonamo anthu kuli pa gawo 309 ndipo pamenepo denga ndi imfa kapena moyo wonse ku ndende. Ndiye taganizani, mnyamata wotsegula windo nkutenga bulangete ndi gulu lobwera ndi zikwanje nkuswa chitseko ana ali mkati onsewa amawerengeredwa gawo lomwelo la 309. Lamulo silingawapatse nambala imodzi, nchifukwa chake linasiya mpata waukulu chonchi kuti woweruza yemwe wamva nkhani yonse ayeze yekha.

Makhoti athu akhala akunena kuyambira kale kuti chilango chapamwamba penipeni nchosungira mlandu woipitsitsa wa mtundu umenewo, wochitidwa ndi munthu woipitsitsa. Choncho mukamva apolisi akuti mlanduwu ndi wa moyo wonse musafe nazo mtima, akunena denga.

Palinso denga lina, la khoti lenilenilo. Majisitireti wamkulu uja wophunzira zamalamulo amalekeza pa zaka 21, wa giredi yoyamba pa zaka 14, ma giredi apansi ndi zochepera apo. Akaona kuti mlandu ukufunika zaka zoposa mphamvu zake amautumiza ku khoti lokulirapo kuti likapereke chilango.

Ndiye kuti woweruza akhoza kungotchula nambala iliyonse yomwe yamubwerera mmutu?

Ayi ndithu. Ufulu wosankha ali nawo koma ndi ufulu wokhala ndi chingwe. Akuyenera kulemba zifukwa, akuyenera kuona zomwe Khoti Lalikulu lakhala likupereka pa milandu yofanana nayo, komanso pali kabuku ka malangizo a kaperekedwe ka zilango komwe nthambi ya makhoti inatulutsira amajisitireti mu 2007. Pamwamba pa zonsezi pali malamulo aakulu a dziko, gawo 19, lomwe limaletsa chilango chankhanza kapena chonyazitsa munthu, ndipo chilango chokula mopyola mlandu wake makhoti amachiona kuti chikugwera mmenemo.

Mfundo yomwe imabwerezedwa mu zigamulo zambiri ndi yoti chilango chilingane ndi mlandu, chilingane ndi wolakwayo, chikhale chachilungamo kwa anthu onse kuphatikizapo wolakwiridwa, komanso musasowemo kachifundo. Zinthu zinayi izi zimakokana, china chikukokera mmwamba china pansi, ntchito ya woweruza ndi kupeza pomwe sikelo ikhazikike.

Amayambira pati kuwerengako?

Amayambira pa nambala yomwe timati poyambira. Pa kuthyola nyumba usiku nambala yodziwika ndi zaka 6, ndipo inachokera mu chigamulo cha Khoti Lalikulu pa mlandu wa Chizumila mu 1994, woweruza anali Jaji Mwaungulu. Ganizo lake ndi loti zaka 6 zikuyenera mlandu wapakatikati, pomwe munthu wakana mlandu mpaka mboni zabwera nkupezeka wolakwa. Kuchoka pamenepo woweruza amakwera kukakhala zokulitsa mlandu ndipo amatsika kukakhala zochepetsa.

Apa mpomwe anthu amasokoneza, amayesa zaka 6 ndi zochepetsetsa zomwe munthu angapatsidwe. Sichoncho, ndi poimirira chabe musanayambe kuyenda. Pa milandu yothyola yopanda zoopsa zambiri Khoti Lalikulu lakhala likufika cha mma zaka 3.

Zokulitsa mlandu ndi ziti kwenikweni?

Pa kuthyola nyumba chomwe lamulo likulanga kwambiri si katundu wabedwayo koma kulowerera malo omwe munthu amagona ndi ana ake. Amene anaberedwapo usiku akudziwa, wailesi mumagula ina koma tulo timatha miyezi, galu akangouwa mwadzuka kale. Nde khoti limayang'ana kaye mmene kulowako kunachitikira. Munali anthu mnyumbamo kodi, anadzidzimutsidwa, anaopsezedwa kapena kumenyedwa? Akubawo anali angati, poti gulu limaopsa kuposa munthu mmodzi komanso limaonetsa kuti zinakonzedwa. Ananyamula zida? Anaswa chitseko ndi mawindo, anagumula khoma, anasakaza mnyumba? Eni nyumba anali nkhalamba, mayi wokhala yekha, munthu wolumala?

Kenako ndi pomwe amabwera pa katundu, kuchuluka kwake komanso ngati anapezeka. Apa woweruza wabwino sangoyang'ana mtengo wa pa lisiti, makina osokera a telala wa pa khonde ndi moyo wa banja lonse pomwe kwa munthu wina ndi kachinthu kongokhala pa kona. Chinanso cholemera ndi kuphwanya chikhulupiriro, monga mlonda kapena wantchito wa mnyumba yemwe anapatsidwa makiyi nkukhala iyeyo wotsegulira anzake.

Nkhani ya milandu yakale ili ndi lamulo lake. Purosekyuta akanena kuti uyu anamangidwapo kale, woimbidwayo amafunsidwa ngati akuvomereza, akakana boma likuyenera kubweretsa umboni wake. Kungonena kuti ameneyu ndi wovuta mmudzi monse amamudziwa si rekodi ayi. Kugona mu selo nkutulutsidwa osaweruzidwa si rekodinso.

Nanga zochepetsa? M'bale wanga anauzidwa kuti adandaule koma sizinathandize.

Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa mpomwe anthu athu amataya miyezi yambiri yomwe akanaipulumutsa. Munthu akapezeka wolakwa, purosekyuta amayankhula kaye, kenako majisitireti amatembenukira kwa wolakwa nkumufunsa ngati ali ndi mawu khoti lisanapereke chilango. Maloya amati mitigeshoni. Ndakhalapo pa benchi ya kumbuyo kangapo nkumaona mnyamata ataimirira mu kabokosi kaja, wopanda loya, nsapato anazisiya ku selo, womasulira akumufunsa kachiwiri, iye maso pansi nkungoti “ndili ndi mkazi ndi ana awiri bwana, mundikhululukire.” Basi wakhala pansi. Mphindi imodzi siinakwane, pomwe munthuyo anali ndi zinthu zinayi kapena zisanu zomwe lamulo limazilemekeza ndipo palibe chomwe watchula.

Nkhani ya ana ndi yowawa ndipo ndi yoona, koma makhoti ananena kale kuti kuvutika kwa banja nkomwe kumatsatira chilango chilichonse cha ndende, munthu amayenera kuganiza za anawo asanalakwe. Imalemera pokhapokha pali chachilendo, monga mayi woyamwitsa kapena kholo lomwe latsala lokha ndi mwana wodwala kwambiri wopanda wina womusamala.

Zomwe zimalemera ndi izi. Choyamba kuvomera mlandu msanga, chifukwa kumapulumutsa nthawi ya khoti, mboni sizivutika ndi ma thiransipoti, wolakwiridwa sabwerezanso zowawa zake pagulu, ndipo makhoti athu amatha kuchotsera mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango. Kuvomera tsiku loyamba sikufanana ndi kuvomera mboni zinayi zitayankhula kale. Chachiwiri kukhala koyamba kulakwa. Chachitatu msinkhu, mu mlandu wa Keke wa 2010 Khoti Lalikulu linafotokoza kuti achinyamata a zaka 19 mpaka 25 amalakwa kawirikawiri chifukwa cha chibwana ndi kutengeka ndi anzawo nde amayenera zilango zofupikirapo, komanso okalamba opitirira zaka 60 amaganiziridwa. Kenako kubweza katundu kapena kulipira zomwe zinaonongeka, kuthandiza apolisi kupeza katunduyo, mbali yochepa yomwe munthu anatengapo pa gulu, matenda aakulu okhala ndi umboni wa ku chipatala, ndi nthawi yomwe wakhala kale pa rimandi.

Abale mukhoza kuthandiza pamenepa. Lamulo limalola khoti kulandira umboni wothandiza kupeza chilango choyenera, nde bweretsani buku la kuchipatala, kalata ya kusukulu ngati ndi wophunzira, chiphaso choonetsa zaka zake, pepala losainirana ngati katundu anabwezedwa. Mawu apakamwa oti ndimadwala sangafanane ndi buku lomwe majisitireti walitsegula yekha nkuona madeti.

Tandipatsani chitsanzo chenicheni cha mmene nambala imatulukira.

Ichi nchitsanzo chongoyerekeza, manambala apakatiwa ndaika ine kuti muone kayendedwe kake, si fomula yolembedwa mu lamulo ndipo oweruza ambiri salemba sitepe iliyonse ndi nambala yake.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 22 walowa mnyumba ya neba usiku eni ake ali ku maliro. Windo linali longotsekedwa ndi kawaya, wakankha, watenga foni ndi bulangete. Mmawa wagwidwa akufuna kugulitsa foniyo, waulula pomwepo nkulondolera apolisi komwe anabisa bulangete, zonse zabwerera kwa mwini. Ku khoti wavomera tsiku loyamba, sanamangidwepo. Woweruza ayambira pa miyezi 72. Ayang'ana mlanduwo pawokha, munalibe munthu mnyumba, panalibe chida, palibe chinasweka, anali yekha, katundu wochepa ndipo wapezeka, pokhapo chomudetsa ndi choti anapezerapo mwayi pa maliro a anthu omudziwa. Atsika kufika mwina pa 60. Ayang'ana munthuyo, wachinyamata, woyamba, anathandiza apolisi, atsikanso kufika 54. Kenako kuvomera kuja, gawo limodzi mwa atatu a 54 ndi 18, kutsala miyezi 36. Zaka 3, kuyambira tsiku lomwe anagwidwa.

Tsopano bambo wa zaka 38, anali anthu anayi, anabwera ndi zikwanje ndi chitsulo chokanulira, anaswa chitseko cha ma 2 koloko usiku, mayi ndi ana atatu anadzitsekera ku chipinda akumva zonse. Anatenga TV, matiresi, matumba a chimanga, palibe chinapezeka. Bamboyu anagwirapo kale ukaidi pa mlandu wothyolanso ndipo wavomereza rekodiyo. Mlandu anaukana mpaka mapeto. Poyambira ndi pomwepo pa 72, koma gulu, zida, kuswa, anthu mkati ndi katundu wosapezeka zikukweza kufika mwina pa 96 kapena 108. Zomutsitsa palibe, si mwana, si woyamba, sanavomere. Nde zaka 8 kapena 9. Ndipo akanati aopseza kapena kumenya anthuwo kuti atenge katundu bwenzi pali mlandu winanso wokulirapo wa kuba mwaumbanda.

Onse awiriwa pa wailesi mudzamva kuti amangidwa chifukwa chothyola nyumba, mawu ofanana ndendende, koma mwaona nokha kuti sizinthu zofanana.

Ndiye kuti kukana mlandu kumaonjezera zaka? Bola kungovomera olo sunalakwe?

Ayi ayi, chonde. Kukana mlandu ndi ufulu wanu ndipo khoti sililoledwa kukuonjezerani chilango chifukwa mwakana, chomwe chimachitika ndi choti simulandira kuchotsera kuja. Bambo wa mu chitsanzo uja sanakwezedwe chifukwa chokana, anangosowa chomutsitsa.

Ndipo munthu wosalakwa asavomere chifukwa wina mu selo wamuuza kuti ukavomera utuluka lero. Ndamvapo anthu akulira ndi malangizo amenewa atapatsidwa zaka. Mukavomera, apilo yanu imatsala ya chilango chokha, yoti ndinalibe mlandu imavuta kwambiri. Majisitireti akuyenera kukuwerengerani mbali iliyonse ya mlandu ndi kutsimikiza kuti mukumvetsa zotsatira zake, ndipo ngati yankho lanu ndi loti ndinatengadi koma ndinkayesa ndi changa, kumeneko si kuvomera, akuyenera kulemba kuti mwakana.

Munthu woyamba kulakwa akuyenera kupita ku ndende nthawi zonse?

Lamulo la kayendetsedwe ka milandu likunena zosiyana ndi zimenezo. Gawo 340 likuti munthu yemwe sanapezekepo wolakwa asatumizidwe ku ndende pokhapokha khoti litaona pa zifukwa zomveka, zolembedwa mu fayilo, kuti palibe njira ina yoyenera. Njira zinazo zilipo, kumumasula ndi chenjezo kapena ndi malamulo oti atsatire, faindi, kulipira wolakwiridwa, chilango choimikidwa pansi pa gawo 339 chomwe munthu amapita kwawo koma akalakwanso mkati mwa nthawi yoikidwa amakaseweza, ndi ntchito yothandiza anthu ya ulere monga kusesa pa chipatala kapena pa sukulu, yomwe imaperekedwa pa milandu yaing'ono yoyenera miyezi yosapitirira 12.

Dongosolo lake ndi loti woweruza apeze kaye kutalika koyenera kenako adzifunse ngati nkotheka kuimika. Pa kuba nkhuku kapena kumenyana kopanda kuvulala kwambiri yankho limatha kukhala inde. Pa kuthyola nyumba usiku, umbanda kapena kugona ndi mwana, makhoti amati mlanduwo wokha ndi waukulu moti olo woyamba amalowa ndithu. Ineyo ndimaona kuti gawo 340 silimagwiritsidwa ntchito mokwanira pa milandu yaing'ono, pomwe Khoti Lalikulu linanena kale mu mlandu wa Masangano mu 2009 kuti kuthithikana kwa mndende zathu ndi nkhanza zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kutumiza wakuba chinangwa ku Maula kapena ku Chichiri kukagona chokhala pakati pa akatswiri a umbanda sikuthandiza mwini munda olo pang'ono.

Ana osakwana zaka 18 ndi nkhani ina, ali ndi makhoti awo ndi malo awo osinthira khalidwe monga ku Chilwa ndi ku Mpemba, nchifukwa chake msinkhu ukakhala wokayikitsa abale aunene msanga.

Tinakhululukirana ndi olakwiridwa kumudzi, mfumu ikudziwa. Bwanji khoti lamumangabe?

Chifukwa mlandu wa upandu mwini wake ndi boma. Kukhululukirana ndi kubweza zimamveka ngati zochepetsa, ndipo pa milandu yaing'ono ya pakati pa anthu khoti limatha kulimbikitsa kuyanjana nkhani nkuthera pomwepo. Koma pa milandu ikuluikulu, makamaka yogwirira ndi yogona ndi ana, mbuzi kapena ndalama zoperekedwa kwa makolo sizifafaniza kanthu, ndipo nkoyenera kutero poti wovulazidwayo ndi mwanayo osati amalume ake omwe alandira mbuzi.

Nanga pa mlandu wakupha, kumenekonso jaji amasankha?

Masiku ano inde, koma sizinali choncho kale. Mpaka 2007 aliyense wopezeka wolakwa pa kupha mwadala ankalandira chilango cha imfa, jaji analibe mpata womva kuti munthuyu ndi ndani ndipo zinayamba bwanji. Pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake Khoti Lalikulu linagamula chaka chimenecho kuti chilango cha imfa chokakamiza chikuphwanya malamulo aakulu a dziko, chifukwa chimaika pa muyeso umodzi anthu omwe milandu yawo ndi yosiyana kutalitali komanso chimamana munthu mwayi woti khoti limumve pa za chilango chake. Kuyambira 2015 akaidi opitirira 150 omwe anali ataweruzidwa mwa njira yakale ija anamvedwanso mmodzimmodzi, majaji anamva za matenda a mmutu, ubwana, umphawi, zaka zomwe anakhala kale ku Zomba ndi maganizo a anthu akumudzi kwawo, ndipo ambiri anatuluka. Chilango cha imfa chikadalipo mu buku koma dziko lino silinanyonge munthu chichokereni 1992.

Nkhaniyi ndimaikonda chifukwa ikuonetsa zomwe zimachitika woweruza akamangidwa manja. Anthu ena amati bola lamulo lingoika nambala imodzi kuti pasakhale kukondera, koma nambala imodzi tinaiyesa kale pa mlandu waukulu kuposa yonse ndipo zotsatira zake zinali zimenezo.

Milandu iwiri nthawi imodzi, zaka amaphatikiza?

Wothyola nyumba nthawi zambiri amaimbidwa iwiri, kuthyola ndi kuba. Poti zonse zachitika pa ulendo umodzi, zilango zimayendera limodzi, mukamva miyezi 36 pa woyamba ndi 12 pa wachiwiri ndiye kuti ndi 36 osati 48. Zikakhala nyumba zosiyana masiku osiyana khoti likhoza kulamula kuti zitsatizane, komabe limayenera kuyang'ananso chiwerengero chonsecho ngati sichapyola muyeso. Mvetserani bwino mawu omaliza a majisitireti, ndipo ngati simunamve funsani kalaliki wa khoti musanachoke, funsaninso tsiku lomwe chilango chikuyambira poti miyezi ya pa rimandi imatayika mosavuta pamenepa.

Ndingadziwe bwanji kuti chilango chalakwika, ndipo ndipange chani?

Pemphani kope ya chigamulo nkuiwerenga ndi munthu wodziwa. Zizindikiro zake zimaoneka. Munthu anavomera koma chigamulo sichikutchulapo za kuvomerako. Ndi woyamba koma palibe pomwe palembedwa chifukwa chomwe njira zina zakanidwira. Woweruza wadalira rekodi yomwe sinavomerezedwe kapena kutsimikizidwa. Wolakwa sanapatsidwe mpata woyankhula. Kapena chifukwa chokhacho chomwe chaperekedwa ndi choti ena atengerepo phunziro, pomwe Khoti Lalikulu lachenjezapo kangapo kuti munthu woyamba kulakwa asasandutsidwe choopsezera anthu ena pomupatsa zaka zoposa mlandu wake. Cholakwika chimathanso kukhala mbali inayo, chilango chopepuka moti wolakwiridwa akuona ngati khoti lamuseka.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba imayenda yokha, zilango zambiri za ndende zochokera kwa majisitireti zimatumizidwa ku Khoti Lalikulu kuti jaji akaziunike pansi pa gawo 15 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu lija, ndipo akhoza kutsimikiza, kutsitsa kapena kukweza. Vuto ndi loti mafayilo amachedwa, pena munthu amamaliza chilango fayilo isanafike pa tebulo la jaji, nde abale muzikafunsa ku ofesi ya khoti ngati inatumizidwa. Yachiwiri ndi apilo, ndipo iyi ili ndi nthawi yake, chidziwitso choti mukufuna kuchita apilo chimayenera kuperekedwa mkati mwa masiku 10 chigamulo chitaperekedwa, mukachedwa mumayenera kupempha chilolezo ndi kufotokoza chomwe chinakuchedwetsani. Wopanda ndalama ya loya apite ku ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, a Ligo Edi aja, kapena ayankhule ndi ma paraligo, othandiza pa zamalamulo omwe si maloya, amene amayendera ndende, ndipo mkaidi akhoza kupereka chidziwitsocho kudzera kwa oyang'anira ndende.

Dziwani kuti jaji wa apilo sasintha chilango chifukwa choti iyeyo akanapereka chocheperako pang'ono. Amalowererapo pakakhala kuti khoti lapansi linalakwitsa mfundo, linasiya chinthu chofunika, kapena nambalayo yapyola kapena kuchepa moonekeratu. Nde ngati m'bale wanu anali mu gulu la zikwanje lija nkupatsidwa zaka 4 zokha, khalani pansi ndi loya kaye musanalembe apilo, chifukwa fayilo ikafika kumeneko jaji akhoza kumuitana kuti afotokoze chifukwa chomwe zakazo zisakwezedwere.